Ndalama zanga zidzafika kawiri liti?

"Ndaika K200,000 kubanki pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka, ndipo chiwongoladzanjacho sindizichitapa. Zidzatenga zaka zingati kuti zifike K400,000? Ndayesa ndi logi koma kakyuleta ikundipatsa yankho la mainasi."

Achemwali, mainasi ameneyo ndikuganiza kuti wachokera pa log 0.12. Nambala iliyonse ya pakati pa 0 ndi 1 logi yake imakhala ya mainasi, n'chifukwa chake zaka zanu zatuluka zobwerera m'mbuyo. Ndalama zanu sizichulukitsidwa ndi 0.12 chaka chikatha. Zimachulukitsidwa ndi 1.12, chifukwa zomwe munaika zija zikadalipo, ndiye 12 peresentiyo imangobwera pamwamba pake. Chaka chachiwiri mumachulukitsanso ndi 1.12, chachitatu chimodzimodzi. Ndiye pakatha zaka n:

```
200000 × 1.12^n = 400000
```

Musathamangire batani la log. Yambani mwagawa mbali zonse ziwiri ndi 200,000 kuti 1.12^n atsale yekha:

```
1.12^n = 2
```

Taonani kuti K200,000 ija yachokamo. Mukanaika K5,000 kapena K5 miliyoni, nthawi yofikira kawiri ikanakhala yomweyo. Apa ambiri amalakwitsa pochulukitsa 200,000 ndi 1.12 kaye n'kulemba 224000^n. Osatero ayi, n ndi wa 1.12 yekha.

Vuto latsala n'lakuti n wakhala pamwamba, ndipo kugawa kapena kuchotsera sikungamutsitse. Ntchito ya logi ndi imeneyi. Kuchulukitsa manambala kumasanduka kuphatikiza malogi awo, choncho 1.12 wochulukitsidwa maulendo n amasanduka log 1.12 wophatikizidwa maulendo n, komwe kuli n × log 1.12:

```
n × log 1.12 = log 2
n = log 2 ÷ log 1.12
n = 0.30103 ÷ 0.04922
n ≈ 6.12
```

Pa mzere wachiwiriwo ndikupempheni kusamala kwambiri, chifukwa ndi pamene ndimaona anthu odziwa masamu ndithu akuterereka. Mukugawa logi ndi logi inzake. Si log (2 ÷ 1.12), komanso si log 2 − log 1.12. Ziwirizi zimapereka 0.25, kutanthauza miyezi itatu, ndipo palibe banki imene ingakupatseni K200,000 yapamwamba m'miyezi itatu pa 12 peresenti pachaka. Pa kakyuleta zimene zimatsegula zokha bulaketi mukadina log, itsekeni musanagawe: log(2) ÷ log(1.12). Komanso 0.04922 musamudule kukhala 0.05, chifukwa yankho limatsika kufika 6.02 ndipo mungaganize kuti zaka 6 zangotsala pang'onong'ono kukwanira. Batani la ln nalo limagwira, bola muligwiritse ntchito pamwamba ndi pansi pomwe.

Tsopano 6.12 yo muimve bwino. Si zaka 6 ndi miyezi 12, ndi zaka 6 ndi mwezi umodzi ndi theka, pafupifupi. Koma ngati banki imaika chiwongoladzanja kamodzi kokha pakutha pa chaka, mwezi ndi theka umenewo simudzauona m'buku lanu. Chaka cha 6 chikatha mudzakhala ndi K394,765, zomwe sizinafike, ndipo chaka cha 7 chikatha mudzakhala ndi K442,136. Yankho lanu lenileni ndi zaka 7. Ine ndimakonda kuyesa chonchi nthawi zonse: dinani 1.12^6 ndi 1.12^7, muone ngati 2 wagwera pakati. Woyamba ndi 1.97, wachiwiri 2.21, ndiye zili bwino.

Musanakhulupirire zaka zimenezi, kafunseni kubankiko kuti chiwongoladzanja amachiika kangati pachaka. Ngati ndi mwezi uliwonse, 12 peresenti imagawidwa kukhala 1 peresenti pamwezi, ndipo mumawerengera log 2 ÷ log 1.01, zomwe zikupereka 69.7. Pamenepa n ndi miyezi, osati zaka, ndiye ndi miyezi 70, kapena kuti zaka 5 ndi miyezi 10. Funsaninso ngati chiwongoladzanjacho chimaphatikizidwa ku ndalama zoyamba kuti nachonso chizibereka. Ngati amachiika padera, logi ilibenso ntchito: mumangolandira K24,000 chaka chilichonse, ndipo kuti ikwane K200,000 yapamwamba pamafunika zaka 8 ndi miyezi 4.

Mukakhala mulibe kakyuleta, gawani 72 ndi peresenti ya pachaka. Kwa inu 72 ÷ 12 ndi 6, pafupi kwambiri ndi 6.12. Njira yachidule imeneyi imayandikira bwino pa mapelesenti ocheperako, koma akamakula imayamba kuphonya: pa 50 peresenti imati 1.44 pamene logi ikuti 1.71. Zonsezi zikudalira kuti 12 peresentiyo isasinthe zaka zonsezo. Banki ikaisintha pakati, tengani ndalama zomwe zilipo tsiku limenelo, mugawe 400,000 ndi ndalamazo, yankholo mulowetse pamalo pa 2, peresenti yatsopano muigawe ndi 100 n'kuphatikizapo 1, zomwe mwapezazo mulowetse pamalo pa 1.12, n'kuwerengeranso.