Mzere umodzi wonena za kuchepetsedwa kwa antchito

Abale amene mwangofika kumene mu Harare muno, ngati ntchito yanu yakale inatha chifukwa kampani inkachepetsa antchito, musabise nkhaniyi pa sivi yanu, chifukwa olemba ntchito a kuno saidabwa. Mu Julaye 2015 khoti lalikulu la apilo la ku Zimbabwe, pa mlandu wa kampani ya Zuva Petroleum, linalola kuti munthu achotsedwe pongomupatsa notisi, ndipo anthu masauzande anataya ntchito m'masabata ochepa. Bwana wa kumadera a mafakitale a ku Workington kapena ku Msasa amene akuwerenga pepala lanu mwina nayenso zinamugwerapo. Chimene iye akufuna kudziwa n'chakuti, kodi udindo wanu ndiwo unathetsedwa, kapena munachotsedwa pa mlandu.

Tiyerekeze kuti munali woyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo ku Lilongwe, kuyambira Malichi 2017 mpaka Okutobala 2023, pamene kampani inatseka nthambiyo. Muyambe ndi udindo, dzina la kampani ndi miyeziyo monga ilili, kenako mulembe zimene munkachita, monga kuwerengera katundu mwezi ndi mwezi ndi chiwerengero cha anthu amene munkawatsogolera. Pansi penipeni muike mzere umodzi wokha, m'Chingerezi monga sivi yonse, wonena kuti udindowo unatha pamene nthambi inatsekedwa ndipo antchito ake onse anachotsedwa. Mzerewu ukunena za udindo ndi nthambi, ndipo mulibemo dzina la munthu. Madandaulo akuti akuluakulu ankadya ndalama, kapena kuti anakusankhani mwa kaduka, angakhale oona ndithu, koma wowerenga alibe njira yowatsimikizira, ndipo amangoganiza kuti tsiku lina mudzalemba zomwezo za iye.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi masiku. Munthu amaona kuti wakhala miyezi ingapo asali pa ntchito, ndiye amakankhira tsiku losiyira kutsogolo, kapena amalemba kuti anasiya yekha poganiza kuti n'zaulemu. Ofesi yolemba antchito ikaimba foni ku Malawi n'kumva mwezi wina, simuitanidwanso ndipo simuuzidwa chifukwa chake. N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi kalata yotsimikizira kutha kwa ntchito, imene lamulo la ntchito la ku Malawi la 2000 limati bwana aipereke wantchito akaipempha. Mupemphenso kuti alembemo chifukwa chimene ntchito inathera, ndipo ngati munachoka opanda kalatayi, tumani m'bale akakutengereni kampaniyo isanatsekeretu. Masiku a pa sivi afanane ndendende ndi a m'kalatamo.

Miyezi imene munali opanda ntchito muilembe poyera, ndipo ngati munkachita geni kapena maganyu mutchule zimenezo, pamodzi ndi mwezi umene munasamukira kuno. Akakufunsani pa mayeso a ntchito, bwerezani mzere womwe uja m'ziganizo ziwiri, muonetse kalatayo, ndipo mupereke nambala ya amene ankakuyang'anirani mutayamba mwawapempha chilolezo.