Masitoni ndi mapaundi a pa tchati cha ku Mangalande, ndi makilo angati?

"Achemwali anga ali ku Mangalande anditumizira tchati cha kulemera kwa thupi. Ine ndine wotalika 163 cm, iwo akuti mzere wanga ndi wa 5ft 4in ndipo pamenepo palembedwa 7st 10lb – 10st 5lb. Kuchipatala kuno ku Nkhotakota sikelo inati 68 kg. Ndiye ndili mkati kapena ndapitirira? Zandisokoneza mutu."

Zikomo mayi polemba. Mwapitirira pang'ono, ndi makilo awiri basi, koma tiyeni tiwerengere limodzi kuti ulendo wina muzichita nokha, chifukwa pali malo amodzi pomwe anthu ambiri amaterereka osadziwa n'komwe.

Kaye zilembozo. Pomwe alemba st akutanthauza sitoni, pomwe alemba lb ndi paundi, osati paundi ya ndalama ija agogo athu ankagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971 ayi, iyi ndi ya kulemera. Sitoni imodzi ndi mapaundi 14. Paundi imodzi ndi makilo 0.4536, kuchepera pang'ono theka la paketi ya shuga ya kilo imodzi. Ndiye sitoni imodzi imakwana makilo 6.35. Manambala ofunika ndi omwewa, ngati mungawalembe kuseri kwa kabuku ka kuchipatala zikhala bwino.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi yoyamba mwasandutsa zonse kukhala mapaundi, kenako n'kupita ku makilo. Titenge malire apamwamba aja, 10st 5lb. Masitoni 10 kuchulukitsa ndi 14 ndi mapaundi 140, kuonjezapo 5 aja ndi 145. Kenako 145 kuchulukitsa ndi 0.4536, foni ikupatsani 65.77, tingoti makilo 65.8. Apansi aja chimodzimodzi, 7 kuchulukitsa ndi 14 ndi 98, kuphatikiza 10 ndi 108, ndipo mapaundi 108 ndi makilo 49. Mwachidule ndi chonchi:

```
kg = (st × 14 + lb) × 0.4536
```

Choncho tchati chanucho chikunena kuti munthu wa msinkhu wanu akhale pakati pa makilo 49 ndi pafupifupi 66. Inu muli pa 68.

Tsopano poterera paja. Munthu akaona 7st 10lb dzanja limangofuna kulemba 7.10 pa kakyuleta n'kuchulukitsa ndi 6.35, ndipo mpake chifukwa ife tinazolowera makilo ndi makwacha momwe chilichonse chimayenda m'makumi. Koma sitoni siyenda m'makumi, imadzaza pa 14. Zili ngati nthawi, mukauzidwa kuti basi ya ku Salima itenga maola 2 ndi mamineti 30 simunena kuti ndi maola 2.30, mumadziwa kuti ndi awiri ndi theka chifukwa ola limadzaza pa 60. Pa sitoni theka lake ndi mapaundi 7. Ndiye kakyuleta mukaipatsa 7.10 iyo imangoona 7.1, ikupatsani makilo 45.1 pomwe yankho lenileni ndi 49, pafupifupi makilo anayi asowa. Tangoganizani munthu amene akuchira matenda ndipo wawonda, ali pa makilo 46, awerengera molakwika chonchi n'kumadzilimbitsa mtima kuti ali bwinobwino mkati mwa tchati pomwe ali pansi pa malire. Apa m'pamene ine zimandikhudza kwambiri, chifukwa yankho lolakwikalo limaoneka ngati lomveka ndithu, palibe chokuchenjezani.

Ndipo kulakwitsaku sikufanana nthawi zonse. Pa 10st 5lb mukalemba 10.5 mupeza 66.7, mwapitirira ndi pafupifupi kilo imodzi yokha. Koma mapaundi akafika 10, 11, 12 kapena 13 m'pamene zimaipa, 11st 13lb ndi makilo 75.8 koma wolemba 11.13 apeza 70.7.

Pobwerera nakonso msampha ulipo. Tinene kuti mukufuna kuwauza achemwali anu kulemera kwanu m'chiwerengero chawo. Mukagawa 68 ndi 6.35 mupeza 10.71, ndipo apa ambiri amati ndiye kuti 10st 7lb, ayi ndithu. Kachidutswa ka 0.71 kaja ndi gawo la sitoni, mukachulukitse ndi 14, kapereka mapaundi pafupifupi 10. Inu ndinu 10st 10lb, omwe ndi mapaundi 150. Onani kuti wina akhoza kuyang'ana 10.10 ndi 10.5 n'kuganiza kuti woyambayo ndi wochepa, pomwe 10st 10lb ikuposa 10st 5lb ndi mapaundi 5, makilo awiri ndi pang'ono aja ndanena poyamba.

Chizindikiro chodziwira kuti china chake chalakwika n'chosavuta, nambala ya lb yotsatana ndi st siingapose 13. Mukapeza 10st 16lb bwererani muwerengenso, kapena amene analemba tchaticho ndiye analakwitsa.

Matchati ena mudzawapeza alibe st konse, angolemba 108 – 145, nthawi zina ngakhale lb osaikapo. Amenewo kawirikawiri ndi a ku Amereka, kumeneko sagwiritsa ntchito sitoni, amawerenga mapaundi okhaokha, sitoni ndi ya ku Mangalande ndi ku Ayalandi. Musadzidzimuke kuona 145 n'kumaganiza kuti ndi makilo. Ngati foni yathima pali kachidule ka pamutu, gawani nambalayo pakati kenako chotsanipo gawo limodzi mwa magawo khumi. 150 pakati ndi 75, kuchotsa 7.5 kutsala 67.5, mwayandikira 68 mokwanira. Ine ndimakumbukiranso thumba la chimanga kapena la mpunga la makilo 50, limenelo ndi mapaundi 110, kapena 7st 12lb, ndiye yankho likatuluka ndimadzifunsa kuti kodi munthuyu akuposa thumba ndi zingati, zikumveka?

Ndikadakhala inu ndikanasandutsa manambala awiri a pa mzere wanu okhawo kamodzi, n'kulemba 49 ndi 66 penapake, m'malo momasandutsa kulemera kwanu ulendo uliwonse mukakwera sikelo. Komanso ngati muli ndi kasikelo ka pakhomo kaja kobwera ndi katundu wa kaunjika, katembenuzeni, tambiri timakhala ndi kabatani pansi kolembedwa kg, lb, st, kaikeni pa kg basi nkhani yatha.

Za makilo awiri mwapitirirawo musataye nazo tulo. Malire a 108 ndi 145 aja akugwirizana ndi BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ya 18.5 mpaka 24.9, yanu ikubwera 25.6, kungodutsa mzere pang'ono, ndipo zovala, nsapato ndi nsima ya masana zimatha kusuntha sikelo ndi kilo imodzi. Dziyezeni m'mawa musanadye, pa sikelo imodzimodzi, kangapo, muone komwe nambala ikulowera. Koma tchatichi ndi cha akuluakulu okha. Ngati muli oyembekezera sichikukhudzani konse, ndipo ana musawayezere pamenepa, awo ali ndi tchati chawo m'kabuku ka kusikelo komwe kali kale m'makilo. Ulendo wina mukapita kuchipatala tengani manambala anuwo, 163 cm ndi 68 kg, muwaonetse anamwino, akakuyezeninso BP ndi shuga ngati papita nthawi musanayezetse.