Wodwala akakana kutumizidwa ku chipatala chachikulu, mu failo mulembemo chiyani?

"Ndine namwino pa kiliniki ina ya khonsolo kuno ku Harare. Mayi wina wa bipi yokwera kwambiri anakana kuti timutumize ku chipatala chachikulu. Ndinalemba kuti ndi wamakani, wakana uphungu, ndipo anasaina fomu. Asisita akuluakulu akuti zimene ndinalembazo sizokwanira. Nanga ndikanalemba chiyani?"

Achemwali, asisita anuwo akunena zoona, ngakhale mwina sanakhale nanu pansi kuti akulongosolereni. Taganizirani za munthu amene adzatsegule failo imeneyo pambuyo panu. Akhoza kukhala namwino wogwira usiku, kapena dokotala wa ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe amene walandira mayiyo patapita masiku atachita sitiroko, kapenanso a bungwe loyang'anira anamwino la Nurses Council of Zimbabwe achibale akakadandaula. Onsewa panalibe pamene munkakambirana. Akawerenga kuti "wamakani" angodziwa kuti inu munakhumudwa, basi. Sadziwa chimene mayiyo anauzidwa, ngati anachimva, ndiponso chimene anakana kwenikweni.

Munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukugwira bwino, ali ndi ufulu wokana chithandizo ngakhale ife tikuona kuti akudziika pa ngozi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, pa gawo 52, amateteza ufulu wa munthu pa thupi lake. Choncho kukana si mlandu woti muulembe ngati mukumuneneza. Chimene failo iyenera kuonetsa ndi chakuti anakana akudziwa chimene akukana.

Tiyeni tipange chitsanzo chofanana ndi chanucho. Mayi wa zaka 54 wafika mutu ukumuwawa, maso akuona mwachimbuuzi, bipi ili 200/124. Mwamukhazika pansi, mwayezanso, sinasinthe kwenikweni. Bipi yotere ikabwera ndi zizindikiro zimenezi, munthu amafunika kukaonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. Iye akuti sapita. Failo kuno timalemba m'Chingerezi, koma zofunika kulowamo ndi izi, ndipo mudzazisandutsa nokha:

"Nthawi 14:20. Bipi 200/124, itayezedwanso patapita mphindi 15 ili 198/122. Shuga 6.2. Ndawafotokozera m'Chichewa, mwana wawo wamkazi alipo mwa chilolezo chawo, kuti akufunika kupita ku chipatala chachikulu lero, ndi kuti akapanda kupita akhoza kuchita sitiroko, kuwonongeka impso kapena maso, ngakhale kumwalira. Ali maso, akudziwa tsiku ndi malo, abwereza m'mawu awo kuti: 'Ndamva kuti ndikhoza kufa ziwalo kapena kufa kumene.' Akana kutumizidwa lero. Chifukwa chimene apereka: 'Adzukulu ali okha kunyumba, ndipo ndilibe ndalama yokalipira kumeneko.' Avomera kumwa mankhwala a bipi pompano ndi kubweranso mawa 8 koloko m'mawa. Asisita oyang'anira adziwitsidwa 14:35 ndipo alankhula nawonso. Mayiwa auzidwa kuti dzanja kapena mwendo ukafooka, kamwa ikapindika, mawu akayamba kulemera, pachifuwa pakapweteka kapena akayamba kubanika, athamangire ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo, ndi kuti akhoza kusintha maganizo nthawi iliyonse."

Pansi pake dzina lanu, udindo wanu ndi siginecha. Mankhwala amene mwapereka, muyeso wake ndi nthawi yake zilembedwe monga mwa masiku onse.

Mzere umene anthu ambiri amaudumpha ndi wa kubwereza m'mawu awo uja, pamene ndi umene wanyamula nkhani yonse. Kuti tinene kuti munthu akutha kudzisankhira, timaona ngati akumvetsa zimene wauzidwa, ngati akuzisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira, ngati akutha kuyerekeza ubwino ndi kuipa kwake, ndi ngati akutha kunena chimene wasankha. Kungogwedeza mutu si umboni, makamaka kwa agogo athu a ku Mbare kapena ku Mufakose amene anazolowera kuyankha "inde" kwa aliyense wovala yunifolomu. Mufunseni akuuzeni yekha chimene wamva, ndipo mulembe zimene wanenazo. Shuga uja sindinamuikemo mwangozi. Shuga wotsika, kutentha thupi kwambiri, mowa, kuchepa kwa mpweya m'magazi, ngakhale bipi yokwerayo ikafika posokoneza ubongo, zonsezi zikhoza kuchititsa munthu kukana zinthu asakudziwa chimene akuchita. Mukaona kuti wabalalika, akubwereza funso limodzimodzi kapena sakudziwa komwe ali, musalembe kuti wakana. Lembani zimene mwaonazo ndipo muitane wamkulu wanu msanga, chifukwa tsopano vuto lake lakula.

Onaninso kuti chitsanzocho chikunena chinthu chimodzi chimene mayiyo wakana, ndicho ulendo wa lero. Mapiritsi wavomera, kubwera mawa wavomera. Mukangolemba kuti "wakana chithandizo", namwino wa mawa adzamulandira ngati munthu amene safuna kalikonse, ndipo mwina sadzayesanso n'komwe kukamba naye za kutumizidwa. Chifukwa chake chikalembedwa, pamakhala pogwira. Nkhani ya adzukulu ikhoza kutha ndi foni imodzi kwa woyandikana naye nyumba. Nkhani ya ndalama ikhoza kupita kwa a zachisamaliro cha anthu. Koma mawu akuti "wamakani" palibe amene angawachitepo kanthu.

Chifukwacho chikhale chake, osati chimene inu mwaganiza. Mayi akabwera atavala zoyera za mpingo wa Apositoli, n'kosavuta kulemba kuti wakana chifukwa cha chipembedzo, pamene iye sanatchulepo zimenezo. Akapanda kupereka chifukwa, lembani kuti anafunsidwa ndipo sanafune kufotokoza. Chimodzimodzi ngati anakwiya. M'malo molemba kuti anali wamwano, lembani kuti anakweza mawu, anati sakufuna kukambirananso, ndipo anatuluka m'chipinda nthawi yakuti. Ndipo samalani kuti wakana ndani. Nthawi zambiri amene amayankha ndi bambo wa kunyumba kapena mwana wamkulu, wodwalayo ali chete, maso pansi. Pemphani kulankhula naye payekha pang'ono, ndipo mulembe kuti munatero. Ngati wina anamasulira, mumutchule kuti ndi ndani kwa wodwalayo.

Za fomu ija, ine sindiidalira kwambiri. Siginecha imaonetsa kuti munthu anagwira cholembera, sionetsa kuti anamva. Isainidwe ndithu ngati malo anu amaifuna, koma iyende pamodzi ndi zolemba zonse zija. Akakana kusaina musamukakamize kapena kumumana mankhwala ake, ingolembani kuti fomu inaperekedwa, sanasaine, ndipo mnzanu amene analipo asaine ngati mboni. Munthu amene wangochoka osatsanzika ndi nkhani ina. Iyeyo sanakane kanthu pamaso panu, ndiye mulembe nthawi imene munamuona komaliza, nthawi imene munazindikira kuti palibe, ndi zimene munachita pomufunafuna. Wodwala akakhala mwana wosakwana zaka 18 ndipo akukana ndi makolo, musazimalize nokha, zipite kwa oyang'anira ndi dokotala nthawi yomweyo.

Tsopano failo ya mayi wanu uja. Musafufute, musapake choyera, musang'ambe tsamba. Pansi pa zimene zilipo lembani tsiku ndi nthawi ya lero, munene poyera kuti izi ndi zowonjezera mochedwa zokhudza tsiku lakuti, kenako mulembe zokhazo zimene mukukumbukira bwino kuti zinanenedwa. Ngati simunamufunse kuti abwereze zimene anamva, musalembe ngati kuti munamufunsa. Mawu akuti wamakani mukhoza kuwadula ndi mzere umodzi woti awerengekebe, n'kusainapo ndi tsiku, mutagwirizana ndi asisita anu. Ndipo ngati mayiyo sanabwerenso kudzayezetsa, onani nambala ya foni pa khadi lake, mumuimbire lero, ndipo kuimbako mukulembenso mu failo.