Foni yapita ndi mapikicha ake, nanga kuchipatala ndikanena chani?

"Achimwene ndithandizeni. Mwezi watha pamkono panga panatuluka chinthu chozungulira chakuda mpaka chinachita thuza, ndinachijambula koma foni anandibera pa depoti. Pano chinauma patsala chidontho basi, ndipo aka nkachiwiri. Ndikalongosola bwanji popanda pikicha, kapena ndingosiya poti chapola?"
Mayi wa ku Chibavi

Pepani nazo za foni achemwali. Koma musasiye ayi, ndipo mawu amene andiimitsa ine mu imelo yanuyi ndi akuti nkachiwiri. Amenewo ngakhale pikicha ikanakhalapo sikanawanena, chifukwa pikicha imagwira tsiku limodzi lokha pomwe matenda apakhungu ambiri amadziwika ndi mmene ayendera, anayamba liti, anakula bwanji, munali mutamwa chani. Ndiye tengani pepala ndi bolopeni mulembe lero lomwe, mutu umaiwala msanga, makamaka mukakhala pa benchi kuyambira mmamawa ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno kenako akuitanani mulowe, zonse zimabalalika mumangoti "chinangotuluka basi adokotala".

Yambani ndi malo ndi kukula kwake. Osangoti pamkono, nenani mkono uti, chakutsogolo kapena kuseri, pafupi ndi chigongono kapena pomangira wotchi, komanso ngati kachiwirika chinabwerera pamalo omwewo enieni. Kukula musati chachikulu, chachikulu kwa inu kwa wina nchaching'ono, yerekezani ndi chinthu choti aliyense akuchidziwa. Chitsekerero cha botolo la fanta ndi pafupifupi masentimita 3, njere ya chimanga ili cha pa 1. Mtundu nawo umavuta pa khungu lathu lakudali, zimene mabuku amati kufiira kwa ife nthawi zambiri zimaoneka zoderako, zapepo kapena zotuwa ngati phulusa, ndiye ingonenani poyerekeza ndi khungu la pambali pake kuti panada kuposa, kapena panayera. Kenako zomwe chala chinamva, panali pafulati kapena potukuka, pamafundula ngati gaga, thuzalo munali madzi oyera kapena mafinya, pamayabwa kapena pamaotcha.

Koma gawo lomwe ndikufuna mukhalepo nthawi ndi la masiku. Ganizani bwinobwino, chisanatuluke munamwa mankhwala anji, ngakhale ogula pa okala kapena opatsidwa ndi aneba, ngakhale azitsamba. Ndikufunsa chifukwa kuli vuto lina lapakhungu lomwe limabwera thupi likadana ndi mankhwala ena, ndipo khalidwe lake ndi lomweli lobwerera pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse munthu wamwanso mankhwalawo. Limakhala lozungulira, lakuda chopita ku pepo, limaotcha, nthawi zina thuza pakati, ndipo kwa munthu amene linamutulukapo kale limatha kuonekera patangopita maola ochepa atamwa. Likapola limasiya chidontho chakuda chokhala miyezi. Bakitirimu ndi amene amatchuka nazo kwambiri, Fansida nayenso poti onse ali ndi salufa, komanso ena opha ululu monga Bulufeni. Sindikuti inu ndi chimenechi, ine mkono wanu sindinauone, ndikungokuonetsani funso lomwe akakufunseni kuti mukafike mutaliganizira kale.

Chipere nachonso chimakhala chozungulira, nchifukwa chake pa pikicha ya foni anthu amasokoneza, koma kayendedwe kake nkosiyana. Sichituluka usiku umodzi, chimakula pang'onopang'ono kwa masabata kulowera kunja, mmphepete motukuka mofundula, pakati pakumaoneka ngati papola, ndipo chimayabwa. Mwaona kuti kusiyana konseku kuli mu nkhani osati mu chithunzi?

Ndiye tinene kuti mwakumbukira zonse, pepala lanu likhoza kumveka chonchi (masiku ndi mankhwalawa ndangoikapo ine, inu muike zanu zoona):

"Mkono wamanzere, kuseri, pafupi ndi pomangira wotchi. Chimodzi chokha, chozungulira, kukula ngati chitsekerero cha botolo. Ndinamwa Bakitirimu Lachiwiri madzulo chifukwa cha mmimba, Lachitatu mmawa ndinadzuka pakuotcha, pada kuposa khungu lina. Lachinayi panachita thuza la madzi oyera, linaphulika lokha. Patatha sabata ndi theka panauma. Chaka chatha zinachitikanso pamalo omwewo. Sindinatenthe thupi, mkamwa ndi mmaso munalibe kanthu. Ndinapaka mafuta ogula ku msika masiku atatu."

Akiliniko ofesa akamva zimenezo mu mphindi imodzi ali kale patali kuposa pomwe pikicha ikanawafikitsa. Ndipo zopakazo musabise, tengani chubu chake. Ma kirimu ambiri omwe anthu amagula osalemberedwa amakhala ndi siteroyidi monga betametazoni, amaziziritsa kuyabwa inde koma ngati chili chipere chimangobisala nkumafalikira, mmphepete muja mosaonekanso bwino, ofufuza nkuvutika kuchizindikira. Mlamu wanga anapaka wotero mwezi wathunthu pakhosi, ati wogulitsa anamuuza kuti ndi wa chilichonse, pofika kuchipatala chinali chitafika paphewa.

Tsono wina anena kuti ngati ndalongosola bwino chonchi bwanji osangotumiza pa gulupu anthu andiuze. Vuto ndi loti pali zinthu zoti mawu kapena pikicha sizingachite. Wachipatala amakhudza, amadina kuti aone ngati mtundu ukusintha, amapapasa mkhwapa ndi mkhosi kufuna mwanabele, amayang'ana mkamwa, mmutu ndi malo ena omwe inu simunaganize kuti akukhudzana. Chidontho choyererako amachiyesa ndi kathonje inu mutatsinzina, chifukwa pakakhala posamva kukhudza amaganizira khate, lomwe likadalipo ndipo limachizika mankhwala ake alipo, koma pa pikicha kusamvako simungakuone. Akhoza kupala tinkhungu pang'ono nkukaona pa maikulosikopu ngati muli fangasi, akhozanso kukupemphani kuyezetsa magazi, HIV kapena shuga, poti khungu nthawi zina limangoulula za mkati. Ndipo ngati apeza kuti ndi mankhwala, amalemba mu buku lanu la kuchipatala kuti awa musadzapatsidwenso, nkukupezerani ena olowa mmalo. Apa mpofunika kwambiri kwa amene amamwa Bakitirimu tsiku ndi tsiku limodzi ndi ma ARV, musangosiya nokha mwakachetechete, pitani msanga mukakambirane nawo. Komanso chonde musamwenso dala mankhwala omwe mukuwakayikirawo kuti "ndione ngati chituluke ndijambule", kubwereza kwina kumabwera koopsa kuposa koyamba.

Panopa poti chauma mukhoza kupita tsiku wamba ku Mapale kapena kiliniki yomwe muli nayo pafupi, iwo akaona kuti mpofunika akutumizani ku chipatala chachikulu. Koma tsiku lina mukadzamwa mankhwala nkuona thupi latentha, zilonda mkamwa kapena kumaliseche, maso afiira akumata, khungu likupweteka nkumasupuka ngati mwapsa ndi madzi otentha, kapena milomo ndi nkhope zatupa mukubanika, musadikire kuche, kwerani kabaza kapena takisi nthawi yomweyo, mapaketi a mankhwala onse mmanja.

Wina anandifunsanso zofanana ndi izi koma za sikani ya mmimba, kapepala kachithunzi kaja kananyowa ndi mvula. Pamenepo musavutike kulongosola zakuda ndi zoyera zomwe munaona pa sikirini, sizithandiza. Chofunika ndi mawu omwe wojambulayo analemba, nthawi zambiri amakhala mu buku lomwelo, ndiye yang'anani mmenemo kaye. Ngati mulibe nenani tsiku, komwe munajambulitsa, chifukwa chomwe anakujambulirani ndi zomwe anakuuzani pakamwa, adokotala aona okha ngati mpofunika kubwereza.

Inu a ku Chibavi, chidontho chatsalacho musachipake chilichonse mpaka achione, ndipo popita valani malaya oti mkono upindike mosavuta.