Mwana wa zaka 8 akukodzabe pogona: muyambire pati?

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 8, ali sitandade 3, koma amakodzabe pogona pafupifupi usiku uliwonse. Chibadwire sanasiyepo. Mchemwali wake wa zaka 5 anasiya kalekale. Timamuletsa kumwa madzi ikangokwana 4 koloko masana, ndimamudzutsa pakati pa usiku, bambo ake afika pomukwapula, koma palibe chikusintha. Kodi ndi matenda kapena ndi ulesi chabe?"

Mayi, choyamba ndikupempha kuti bambo aike pansi chikwapu kuyambira lero. Mwana amene wakodza ali m'tulo sanasankhe kutero, ndipo amazindikira pamene kwanyowa kale. Mkwapulo umangomuwonjezera mantha ndi manyazi, mpaka amayamba kubisa zofunda zonyowa. Kumuyanikitsa mphasa pamaso pa anzake kapena kulola abale ake kumamuseka nakonso kumapweteka ngati ndodo yomweyo.

Achipatala sawerengera kukodza pogona ngati vuto mwana asanakwanitse zaka 5. Pa msinkhu umenewo ana pafupifupi 15 mwa 100 alionse amakodzabe usiku, pa zaka 10 amatsala pafupifupi 5, ndipo pofika zaka 15 amatsala mmodzi kapena awiri. Anyamata ndiwo amachuluka, choncho musamuyerekeze ndi mchemwali wakeyo. Zimayendanso m'magazi. Ngati kholo limodzi linkakodza pogona lili mwana, ana pafupifupi 4 mwa 10 a makolo otere amateronso, ndipo ngati anali makolo onse awiri, amaposa 7 mwa 10. Mufunse agogo a mbali zonse ziwiri mwakachetechete, mwina mumva kuti wina m'banjamo anachedwanso kusiya. Ana ambiri amasiya okha, koma pa zaka 8 mwana wayamba kuopa kukagona kwa achibale, ndiye sindingakulangizeni kuti mungodikira.

Usiku pamachitika zinthu zitatu. Thupi limatulutsa michere ina yotchedwa vasopuresini, imene imauza impso kuti zichepetse mkodzo munthu akagona, koma mwa ana ena imatuluka yochepa, ndiye impso zimapanga mkodzo wambiri ngati masana. Ana ena mkodzo wawo si wambiri, koma chikhodzodzo chawo chimasunga wochepa kapena chimadzifinya chisanadzaze. Chachitatu n'chimene onsewa amafanana nacho: chikhodzodzo chikadzaza, ubongo sumudzutsa mwanayo. Musanagule mankhwala alionse, muyenera kudziwa kuti wanu ali mbali iti, ndipo mutha kuyeza nokha kunyumba.

Pezani chikombole chokhala ndi manambala a mamililita, kapena dulani botolo lapulasitiki n'kulilemba mizere. Loweruka ndi Lamlungu, pamene sapita kusukulu, azikodzera mmenemo nthawi iliyonse masana, inu n'kumalemba m'kope nthawi ndi kuchuluka kwake. Musawerengere mkodzo woyamba wa m'mawa. Kuti mudziwe mkodzo umene chikhodzodzo cha msinkhu wake chiyenera kusunga, onjezerani 1 pa zaka zake, kenako muchulukitse ndi 30. Kwa iye ndi 9 kuchulukitsa 30, kutanthauza mamililita 270, kuperewera pang'ono kudzaza botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi lija la mamililita 300. Tinene kuti pa masiku awiriwo mkodzo wochuluka kwambiri umene watulutsa nthawi imodzi ndi mamililita 140, ndipo wapita kukakodza ka 9 patsiku, nthawi zina akuthamanga atagwira kabudula. Pamenepo chikhodzodzo ndicho chikusunga wochepa, pakuti pa msinkhu wake wochuluka kwambiriwo suyenera kuchepera pafupifupi mamililita 175, ndipo mwana wa msinkhu umenewu amakodza ka 4 mpaka ka 7 patsiku. Koma ngati masana akufika 250 bwinobwino, pamene usiku zofunda zikunyowa mpaka matiresi patangopita maola awiri kapena atatu chigonereni, ganizirani za mkodzo wochuluka wa usiku. Ngati mungapeze matewera a msinkhu wake ndi sikelo ya kukhitchini, yezani thewera louma ndi lonyowa kwa sabata imodzi. Galamu iliyonse yowonjezereka ndi mililita imodzi, ndipo muphatikizepo mkodzo woyamba wa m'mawa. Zikamapitirira mamililita 350, mkodzo wa usiku ndi wochulukadi.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sachiganizira, ndipo ine ndimati muyambire pamenepa: chimbudzi. Matumbo akuluakulu amathera kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo. Mwana akamadzimbidwa, chimbudzi chouma chimaunjikana pamenepo, chimapanikiza chikhodzodzo n'kuchichititsa kuti chizifinyika msanga. Mwana wa sitandade 3 amapita yekha kuchimbudzi, ndiye mayi sadziwa zimene zikuchitika kumeneko. Mufunseni mofatsa, muli awiriwiri. Ngati amatha masiku awiri kapena atatu osapita, ngati chimbudzi chimatuluka cholimba, chachikulu kapena chopweteka, kapena mukamachapa mumaona zothimbirira m'kabudula wamkati, ndiye kuti akudzimbidwa. Ana ambiri amapewa zimbudzi za kusukulu chifukwa cha fungo kapena kusowa kwa chitseko, n'kumadzigwira tsiku lonse. Muzimukhazika kuchimbudzi mphindi 5 akatha kudya m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, kaya akumva kapena ayi. Nsima ya mgaiwa, nyemba, masamba, papaya ndi mango zimathandiza. Koma chimbudzi chikakhala chitaunjikana kwa miyezi, chakudya chokha sichikwanira, pamafunika mankhwala ofewetsa ochokera kuchipatala, ndipo amamwedwa kwa miyezi ingapo. Ana ena amasiya kukodza pogona m'mimba mukangoyamba kuyenda bwino.

Za madzi, kuletsa kuyambira 4 koloko n'kumulawirira kwambiri. Mwana wobwera kuchokera kosewera ali ndi ludzu amakamwa mobisa usiku, nthawi yoipitsitsa. Chofunika ndi kusamutsa madziwo kuti amwe ambiri m'mawa ndi masana. Patsiku afunika lita imodzi kapena kupitirirako pang'ono: kapu imodzi akadzuka, botolo la mamililita 500 lopita nalo kusukulu loti alimalize asanaweruke, kapu pa nkhomaliro, ina cha m'ma 4 koloko, ndi pang'ono pa chakudya chamadzulo. Ola limodzi kapena awiri asanagone ndi pamene aleke kumwa. Tiyi ndi zakumwa za kola zimachulukitsa mkodzo, choncho asamwe madzulo. Azikodza maola awiri kapena atatu alionse masana, ndipo mutha kupempha aphunzitsi ake mwamseri kuti azimulola kutuluka. Akodzenso pomwe akukagona. Ngati chimbudzi chili panja, ikani ndowa ndi tochi pafupi ndi pogona pake, chifukwa mwana wina amadzuka ndithu koma amaopa mdima.

Kumudzutsa pakati pa usiku kungapulumutse zofunda, koma sikuchiza, chifukwa amakodza ali mtulo ndipo m'mawa sakumbukira n'komwe. Yalani pepala lapulasitiki pansi pa nsalu yogonera, ndipo m'mawa asambe ndi sopo asanapite kusukulu, poti fungo ndilo limachititsa anzake kuyamba kumutchula maina. Mukafuna kumuyamikira, muyamikireni pa zimene angathe kuchita yekha, monga kumaliza botolo la madzi kapena kukodza asanagone, osati pa kudzuka pouma.

Zimenezi muzichite kwa milungu 4 mpaka 6. Zikapanda kusintha, pali njira ziwiri zodalirika, ndipo kope lanu lija ndilo lithandize dokotala kusankha. Yoyamba ndi kabelu kokhala ndi kachipangizo komata pakabudula wamkati, kamene kamalira madontho oyamba akangotuluka. Masiku oyambirira kamadzutsa nyumba yonse kupatula mwini wakeyo, ndiye inu mumudzutse mpaka atsegule maso, azimitse yekha, akamalizire mkodzo kuchimbudzi n'kusintha zovala. Kamafuna usiku uliwonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mumasiya akakwanitsa masiku 14 otsatizana osakodza. Ana opitirira theka amasiya nako, ndipo ambiri mwa iwo sabwereranso. Vuto lake n'lakuti sikapezeka m'sitolo wamba kuno kwathu, ndiponso n'kovuta pamene ana angapo akugona pamphasa imodzi. Wotchi kapena foni yotchera nthawi siingalowe m'malo mwake, chifukwa siilira pa nthawi imene chikhodzodzo chadzaza.

Yachiwiri ndi mapiritsi a desimopuresini, amene amagwira ntchito ya michere ndatchula ija, ndipo amathandiza kwambiri mwana wa mkodzo wochuluka usiku. Amalembedwa ndi dokotala, nthawi zambiri kuyambira mamiligalamu 0.2, ola limodzi asanagone. Lamulo lake n'lolimba: asamwe madzi kuyambira ola limodzi asanamwe piritsi mpaka padutse maola 8, chifukwa madzi akachuluka m'thupi angamupweteketse mutu, kumusanzitsa, ngakhale kumukomola. Tsiku limene akutsegula m'mimba kapena kusanza asamwe mapiritsiwa. Amagwira msanga, koma ana ambiri amayambiranso akangowasiya. Pali ena akale otchedwa imipuramini. Amenewo musapatse mwana pongomva kwa anzanu, chifukwa akachuluka amasokoneza mtima ndipo angaphe, makamaka wamng'ono uja akawapeza.

Popeza wanu sanasiyepo chibadwire, mwina palibe matenda obisika, komabe ndi bwino kuti amuyeze mkodzo kamodzi kuchipatala chapafupi. Musadikire milungu ija ngati akumva ululu pokodza, akutentha thupi, akudonthetsa mkodzo masana, kapena mkodzo ukutuluka mofooka. Ludzu losatha, kukodza kwambiri ndi kuwonda zikabwera pamodzi, mupite naye tsiku lomwelo akamuyeze shuga. Ngati amasambira kunyanja, mumtsinje kapena m'madambo, mufunseni ngati amaona magazi kumapeto kwa mkodzo. Limenelo lingakhale likodzo, limene limatupitsa chikhodzodzo, ndipo mankhwala ake a purazikwantelo amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa mwana. Muuzeninso dokotala ngati amaliza mkonono kwambiri kapena amabanika m'tulo. Kwa owerenga ena amene mwana wawo anasiya kwa miyezi 6 kapena kuposa kenako wayambiranso, zoyeza zimenezi zikhale zoyamba, ndipo mufufuzenso modekha ngati pali chimene chamusokoneza maganizo, monga maliro, kusamuka, kapena wina amene akumuzunza.

Popita kuchipatalako mutenge buku lake lachipatala ndi kope lija, muli masiku awiri a mkodzo wa masana, sabata imodzi ya usiku, ndi masiku amene wapita kuchimbudzi. Ngati kungatheke bambo apite nawo, akamve okha kuchokera kwa dokotala.