Musanalipire msonkho pa boda, werengetsani nokha

"Amayi, ine ndangoyamba kumene kuoda katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Pa Songwe ejenti amangondipatsa pepala la msonkho, ine n'kulipira. Ulendo uno ndalama yake yandikayikitsa. Ndingadziwe bwanji kuti awerengera bwino?"

Achemwali, tengani invoisi yanu, pepala la ejentilo ndi kalikuleta ya pafoni, mukhale pansi musanapite kolipira. Msonkho wa pa boda umamangidwa mosanjikiza ngati njerwa, ndiye yapansi ikapendama, zonse zapamwamba zimapendama nayo.

Yapansiyo ndi mtengo umene a MRA amawerengerapo msonkho: ndalama yogulira katundu, kuphatikiza thiransipoti yomufikitsa pa boda, ndi inshulansi ngati ilipo. Zimenezi amazisintha kukhala makwacha pa reti yawo, osati imene munagulira madola kwa anyamata osintha ndalama. Pa mtengo umenewo amawerengerapo dyute. VAT imabwera pomaliza, ndipo imawerengedwa pa mtengo wa katundu ataphatikiza kale dyute, komanso ekisaizi ngati katunduyo ali nayo. Ambiri amasokonekera pamenepa n'kumakangana ndi ejenti pachabe.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Invoisi yanga inali ya madola 2,300. Pa ndalamayi, 2,000 anali a katundu, 300 anali a lole, chifukwa mwini shopu ndi amene anandipezera galimoto n'kulemba zonse pa pepala limodzi. Reti tiike K1,751, dyute 25 peresenti, ndipo VAT nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti. Madola 2,300 amapanga K4,027,300. Dyute yake ndi K1,006,825. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza K5,034,125, ndipo VAT ya pamenepo ndi K830,631. Msonkho wonse unayenera kukhala K1,837,456.

Pepala la ejenti linanena K2,077,124.

Kusiyana kwake K239,668. Panthawiyo mtima unathamangira kuti akundibera, koma kukalipa sikuonetsa pamene palakwika. Chimene ndimachita ndi kubwerera chammbuyo. Pa dyute ya 25 ndi VAT ya 16.5, kwacha iliyonse ya mtengo wa katundu imabala msonkho wa 0.45625. Ndinagawa K239,668 ija ndi 0.45625, ndinapeza pafupifupi K525,300. Nditagawanso ndi reti, inatuluka 300 ndendende. Ndalama ya lole! Ejentiyo anatenga 2,300 yonse ngati mtengo wa katundu, kenako ataona lisiti ya dalaivala anawonjezeranso 300 pa malo a thiransipoti. Lole imodzi inalipitsidwa msonkho kawiri. Sindikhulupirira kuti anachita dala, chifukwa ndalamayo sikanalowa m'thumba mwake. Anali ndi mafayilo ambiri tsiku limenelo, basi.

Kuwerenga kawiri kumabisalanso m'mizere. Ngati muli ndi invoisi ziwiri, ina yolembedwa pamanja kushopu, ina yotayipidwa pambuyo pake, makatoni omwewo akhoza kulowa kawiri, pena ndi mayina osiyana. Werengani makatoni onse a pa pepala la msonkho, muyerekeze ndi amene ali m'lole. Akakhala 48 pa pepala pomwe inu munakweza 40, funani mzere wa makatoni 8.

Koma si kusiyana kulikonse kofunika kudzutsira ejenti. Makina amawerengera mzere uliwonse pawokha n'kusintha matambala kukhala kwacha yathunthu, pomwe inu mwawerengera zonse pamodzi. Pa mizere khumi mutha kusiyana nawo makwacha owerengeka chabe. Zisiyeni. Mukasiyana ndi mazana angapo, yang'anani reti: mwina inu mwagwiritsa 1,751 pomwe pa pepala pali 1,751.35. Matambala 35 amenewo pa madola 2,300 ndi K805, ndipo msonkho wake ndi pafupifupi K367. Koperani reti ya papepala yonse mpaka nambala yomaliza, muwerengenso, muona zikukumana. Kusiyana kwa matambala sikufika masauzande makumi. Wina akakuuzani kuti K50,000 yabwera chifukwa cha matambala amenewa, musavomere.

Pali chinanso chosiyana ndi zonsezi. Ofesala akaona kuti mtengo wa pa invoisi yanu watsika kwambiri, amatha kuukweza. Apo masamu onse amatuluka bwinobwino, kungoti ayambira pa nambala imene si yanu. Kalikuleta singakuthandizeni, pamafunika umboni wa mmene munalipirira katunduyo.

Yanga ija inatha mosavuta chifukwa ndinali ndisanalipire. Ndinamulozera ejenti mzere wa lole pa invoisi, anayang'ana, n'kupempha kuti akonze. Ndinachedwa maola angapo. Mukalipira kaye, muyenera kulemba kalata yopempha kuti akubwezereni, ndipo mpamba wanu umakhala uli kwina pomwe mukufunika kuodanso. Kuyambira pamenepo ndimawauza a kushopu kuti katundu alembe payekha, lole payokha.