Ndinene chiyani pa tsiku lobadwa la amayi anga?

Azakhali,

Amayi anga akukwanitsa zaka 60 mwezi wamawa, ndipo abale andisankha, monga mwana wachisamba, kuti ndilembe mawu ochepa oti ndikawerenge pamwambo umene takonza kumudzi ku Ntcheu. Bambo anatisiya ndili Sitandade 4 n'kukakwatira kwina, ndipo amayi anatilera ana anayi ndi ndalama za mandasi, moti mpaka lero manja awo ali ndi zipsera za mafuta otentha. Koma ndikangoyamba kulemba, ndimapezeka ndikufotokoza za nkhanza za bambo. Kodi ndilakwa ndikazitchula, popeza ndi zoona?

Mwana wamkazi, ku Lilongwe

Mwana wanga,

Ndi zoonadi, ndipo sindikukuletsa kumva kuwawa, koma usazitchule pamwambowo. Ukatero, anthu adzabwerera kwawo akukamba za bambo ako, ndipo amayi ako, amene tsikulo ndi lawo, adzakhala pampando ataweramitsa mutu pamaso pa apongozi, adzukulu ndi amayi anzawo a kumpingo. Amayi ambiri amene analera okha ana safuna kukumbukiridwa monga mkazi wosiyidwa, ndipo mwina ako anakhala chete zaka zonsezi mwadala, pofuna kusunga ulemu wa pakhomo pawo. Nkhani ya bamboyo mukaikambe awiri tsiku lina.

Zoti ulembe wandiuza kale, pamene watchula zipsera zija. Mawu akuti "ndinu mayi wabwino kuposa onse" aliyense angauze mayi wake, koma zipserazo unaziona ndiwe. Ulankhule ndi iwo mwachindunji, ngati muli awiri kukhitchini, mwina motere:

"Amayi, lero mwakwanitsa zaka 60, ndipo ine mwana wanu woyamba ndaima pano kuti ndikuthokozeni. Ndimakumbukira ndikudzidzimuka tambala woyamba asanalire, n'kumva mafuta akuthetheka pamoto inu mukukazinga mandasi, pamene ife tinali titafunda. Ndimakumbukiranso mukumasula mfundo ya pakona pa chitenje n'kuwerenga makobili a fizi yanga kawiri, kuopa kuti angapereŵere. Ndili mwana ndinkaona zipsera za m'manja mwanu osadziwa mtengo wake, koma tsopano pamene nanenso ndikudzukira ana anga ndazindikira. Zikomo, amayi. Mulungu akusungeni kuti mudye za ana anu mutakhala pansi."

Pamene ndaphonya usinthe, chifukwa ine kunalibe, ndipo ngati ng'anjo kapena beseni limene ankasenza popita kumsika likadalipo, ulitchule. Usawonjezere kwambiri, popeza misozi ikayamba sudzatha kumaliza tsamba lathunthu, ndiye ndi bwino uyeserere mokweza kawiri kapena katatu usananyamuke. Ukamaliza kuwerenga, ugwade ndi kuwapatsa pepalalo ndi manja awiri pamodzi ndi chitenje chimene wawagulira, ndipo ulilembe pamanja ndi zilembo zikuluzikulu kuti azitha kuliwerenga okha alendo atapita.

Azakhali